"Sekyula yatero": pepala lomwe linafuna kuwamana chimanga azakhali anga

Azakhali anga anaoloka Shire pabwato mu Malichi 2023 ali ndi chitenje chimodzi ndi mdzukulu pamiyendo. Namondwe wa Freddy anali atagwetsa mvula kumapiri a Mulanje ndi Thyolo, madziwo anatsika ndi Ruo usiku, ndipo kutsidya la ku Makhanga pofika m'mawa kunalibenso dimba kapena njira. Chiphaso chawo cha unzika ankachisunga m'kajumbo komwe anasomeka kudenga. Nyumba itagwa, denga linapita, chiphaso chinapitira komweko.

Anakhala pakampu ina cha kufupi ndi Bangula. Patapita masabata angapo kunabwera kalembera wa chithandizo cha chimanga, thumba la makilogalamu 50 pabanja. Komiti ya m'mudzi inasankha mabanja, maina anawerengedwa pagulu pansi pa mtengo, ndipo dzina la azakhali linamveka bwinobwino: mayi wamasiye wokalamba, wosunga adzukulu atatu. Tsiku lolandira anaima pamzere kuchokera m'mamawa, padzuwa la kuchigwa kuno lomwe limaotcha ngakhale kumapazi. Atafika patebulo, wogwira ntchito wa ofesi ina ya boma anatambasula dzanja.

"Chiphaso, agogo."

"Chinapita ndi madzi, bwana. Koma afumu ali apawa, akundidziwa."

"Pepani agogo, popanda chiphaso sindingakupatseni. Sekyula yatero."

Mawu awiri omalizawo ndimawadziwa bwino, chifukwa ndinagwira ntchito yaukalaliki m'boma zaka zambiri ndisanapume, ndipo inenso ndinawanenapo kwa anthu. Munthu akawamva amabwerera mwakachetechete, poganiza kuti wagundana ndi lamulo. Chomwe chandipangitsa kulemba nkhaniyi n'chakuti nthawi zambiri amakhala sanagundane ndi lamulo. Koma sindikufunanso kuti wina achoke pano akuganiza kuti sekyula, kalata ya malangizo ya m'maofesi a boma, ndi pepala wamba lomwe bwana angathe kulitaya akafuna. Tsiku lomwelo, pakampu yomweyo, ndinaona mbali zonse ziwiri.

Tiyambe ndi pomwe sekyula imakhala. Pamwamba pa zonse pali Malamulo Oyendetsera Dziko a 1994, ndipo gawo 5 limati lamulo lililonse kapena chochita chilichonse cha boma chosemphana nawo chilibe mphamvu. Pansi pake pali malamulo opangidwa ndi Nyumba ya Malamulo. Pansi pa amenewo pali malamulo ang'onoang'ono omwe nduna imapanga chifukwa lamulo lalikulu laipatsa mphamvuyo. Gawo 58 ndilo limalola zimenezi, ndipo limati malamulo oterewa akhale m'malire omwe lamulo lalikululo laika, komanso apite ku Nyumba ya Malamulo. Amenewa amasindikizidwa mu Gazeti ya boma, ali ndi nambala yake, ndipo amamanga aliyense, inu ndi ine ndi bwana yemwe.

Sekyula siili pamakwerero amenewa. Ndi kalata yomwe mkulu wa unduna kapena nthambi amalembera omwe ali pansi pake, kuwauza momwe ntchito igwirikire. Ndondomeko ndi timabuku ta malangizo tili m'gulu lomweli. Sizidutsa ku Nyumba ya Malamulo, sizituluka mu Gazeti, ndipo mkulu yemweyo angathe kuzisintha mawa ndi kalata ina. N'chifukwa chake sekyula payokha singakhazikitse mlandu, singabweretse msonkho watsopano, ndipo singalande munthu ufulu womwe lamulo lamupatsa. Mukagwira pepala m'manja n'kufuna kudziwa kuti ndi la mtundu uti, yang'anani pamwamba. Lamulo laling'ono limatchula lamulo ndi gawo lomwe lapangidwira. Sekyula imayamba ndi "kuchokera kwa", "kupita kwa", nambala ya fayilo ndi tsiku, ndipo pamndandanda wa olandira simupezapo dzina la anthu wamba.

Komabe mantha a mnyamata wa patebulo uja sanali abodza, ndipo ndikufuna ndimuchitire chilungamo. Kwa iye sekyula ndi langizo la abwana ake, ndipo wogwira ntchito m'boma akakana langizo lovomerezeka amaitanidwa kukayankha mlandu wa kusamvera. Thumba lililonse lomwe latuluka liyenera kuoneka papepala, ndi nambala ya chiphaso pambali pake. Ofufuza za chuma akabwera n'kupeza mzere wopanda nambala, safunsa afumu, amafunsa iye. Palinso malangizo ena omwe kuseri kwake kuli lamulo lenileni, monga a ku Nthambi ya Chuma okhudza kagwiritsidwe ntchito ka ndalama za boma, omwe amatulutsidwa chifukwa lamulo loyendetsera chuma cha boma likutero. Kuphwanya amenewo si nkhani yaing'ono. Ndiye mkati mwa ofesi, yankho la funso lakuti "kodi ayenera kuitsata?" nthawi zambiri ndi eya.

Funso lenileni n'lakuti kuitsata kumatanthauza chiyani.

Madzulo a tsikulo ndinapita kwa mnyamatayo ali kulongedza mapepala. Ndinamulonjera, ndinamuuza kuti ndine mwana wa achimwene awo a mayi aja, n'kumupempha kuti andionetse chomwe amawerenga. Poyamba anakayika, kenako anatulutsa masamba anayi omata ndi pini, opindika m'makona, okhala ndi madontho a thukuta. Ndinawerenga nditaima. Tsamba loyamba linafotokoza cholinga: kuti chithandizo chifike kwa mabanja okhudzidwa kwambiri, poyambira okalamba, olumala ndi mabanja oyendetsedwa ndi ana. Tsamba lachiwiri linati maina asankhidwe ndi komiti ndipo awerengedwe pagulu asanatumizidwe. Tsamba lachitatu linati wolandira aonetse chiphaso cha unzika pofuna kutsimikiza kuti ndi yemwe analembedwa. Za munthu yemwe chiphaso chake chapita ndi madzi panalibe mawu alionse. Amene analemba sanaletse, anangokhala kuti sanaziganizire.

Apa ndi pomwe pali mfundo yoyamba, ndipo ndi yakale. Pomwe lamulo lapatsa ofesi mphamvu yosankha, ofesiyo ndi yololedwa kudziikira ndondomeko kuti isamagamule nkhani zofanana mosiyanasiyana. Koma siiloledwa kusandutsa ndondomekoyo khoma, n'kusiya kumva munthu yemwe wabwera ndi nkhani yomwe ndondomeko sinaione. Mlandu womwe akatswiri a malamulo amatchula kawirikawiri pa mfundoyi ndi wa ku Mangalande, wa kampani ya British Oxygen, womwe unagamulidwa mu 1970. Boma kumeneko linkathandiza makampani ndi ndalama akagula zipangizo, ndipo linadziikira ndondomeko yakuti chipangizo cha mtengo wosafika mapaundi 25 silipereka kanthu. Kampaniyo inagula masilinda a gasi ambirimbiri, iliyonse ya mapaundi pafupifupi 20, ndipo zonse pamodzi zinaposa mapaundi 4 miliyoni. Boma linakana, ndipo bwalo linati silinalakwe: kukhala ndi ndondomeko n'kololedwa, bola wogamula asatseke makutu kwa yemwe ali ndi chatsopano chonena. Onani kuti kampaniyo inaluza. Mfundoyi siikulonjeza kuti mupatsidwa chomwe mwapempha, ikulonjeza kuti mumvedwa. Makhothi athu amagwiritsa ntchito mfundo zambiri zochokera kumeneko pounika zochita za boma.

Ndiye ndinamufunsa mnyamatayo kuti, "Achimwene, chiphasochi mukuchifuniranji?"

"Kuti tidziwe kuti munthu ndi yemweyo, bambo."

"Nanga afumu, wapampando wa komiti ndi anthu onse omwe anamva dzina lawo likuwerengedwa akatsimikiza, simudziwa kuti ndi omwewo?"

Anakhala chete, kenako anati iye payekha sangasinthe zomwe zalembedwa. Pamenepo sananame. Munthu wa patebulo nthawi zambiri alibe mphamvu yopatuka pa malangizo. Cholakwa chake chinali china: anatseka nkhani yomwe sinali yake kuitseka. Ntchito yake inali kulemba dzina la azakhali padera, kulemba chifukwa, kusunga thumba, n'kupereka nkhaniyo kwa yemwe ali ndi mphamvu yogamula. Kunena kuti "sekyula yatero" n'kuitana wotsatira pamzere kunapangitsa kuti pasapezeke wina aliyense m'boma yemwe anaganizirapo nkhani ya azakhali. Ndipo poteteza tsamba lachitatu, anapha tsamba loyamba, chifukwa yemwe chiphaso chake chinapita ndi madzi ndi yemwe madziwo anamukhudza kwambiri.

Tsopano mbali inayo. Ndili chiwerengere ndinaona mndandanda wa olandira uli patebulo. Maina omwe anawerengedwa pagulu anali otayipa. Kumunsi kwake kunali maina asanu ndi limodzi olembedwa ndi bolopeni, onse atasainira kale. Wapampando wa komiti, yemwe anali pambali panga, anawayang'ana n'kupukusa mutu. Sanali maina omwe komiti inasankha, ndipo sanawerengedwepo pansi pa mtengo uja. Eni ake onse anali ndi ziphaso.

Pepala lomwe linauma ngati mwala pa azakhali linali litafewa pa anthu amenewa. Ndipo apa ndi pomwe sekyula imamangadi ofesi, osati mkati mokha koma pamaso pa anthu. Boma likalengeza kuti lichita chinthu mwa njira yakutiyakuti, anthu n'kumva, n'kusonkhana, n'kusankha maina motsata njirayo, anthuwo amakhala ndi chiyembekezo choyenera kuti njirayo itsatidwa. Mawu amenewa sindinawapeke ine. Ali m'gawo 43 la Malamulo Oyendetsera Dziko, lomwe limati munthu aliyense ali ndi ufulu wakuti zochita za boma zikhale zotsata malamulo, zodutsa m'njira yachilungamo, ndiponso zomveka poyerekeza ndi zifukwa zoperekedwa, pomwe ufulu wake, zofuna zake kapena chiyembekezo chake choyenera zakhudzidwa. Gawo lomwelo limapatsa munthu ufulu wolandira zifukwazo molemba. Tsono bwana angathe kupatuka pa ndondomeko yomwe ofesi yake inalengeza, koma akhale ndi chifukwa chabwino, chomwe angachilembe n'kuchisainira. Mwina pakati pa maina asanu ndi limodziwo panali banja lomwe linafika pakampu kalembera atatha. Chimenecho chikanakhala chifukwa chomveka, ndipo chikanalembedwa pambali pa dzina, komiti n'kuuzidwa. Pambali pa mainawo panalibe kanthu.

Anthu ena akamva zimenezi amati ndiye kuti palibe choima, lero mukuti atsate, mawa mukuti apatuke. Ine ndimaona kuti chinthu chake n'chimodzi. Potsata ndi popatuka pomwe, bwana ayenera kukhala ndi chifukwa chokhudzana ndi cholinga cha ndondomekoyo, ndipo akhale wokonzeka kuchinena. Kupatsa azakhali chimanga afumu atachitira umboni kuli ndi chifukwa chotere. Kuonjezera maina mwakachetechete kulibe. Ndipo kulemera kwa chifukwacho kumasiyana: ndime yomwe inaikidwa kuti iteteze anthu ku chinyengo, monga ya kuwerenga maina pagulu, imafuna chifukwa champhamvu kwambiri kuti idumphidwe, pomwe ndime yongothandiza kuti ntchito iyende bwino ingathe kupindika ngati cholinga chake chakwaniritsidwa mwa njira ina.

Pali nthawi yachitatu, yomwe pakampu paja sinabuke koma ndiyenera kuitchula: pomwe ndondomeko yeniyeniyo ikusemphana ndi malamulo. Kwa zaka zambiri sukulu za boma zinkabweza ana a chipembedzo cha Chirasta chifukwa cha tsitsi lawo, aphunzitsi aakulu akunena kuti ndi ndondomeko kuti mwana amete. Mu Meyi 2023 Bwalo Lalikulu la Milandu ku Zomba, kudzera mwa Jaji Zione Ntaba, linagamula kuti mchitidwewo ukuphwanya ufulu wa anawo, ndipo linalamula unduna wa maphunziro kutulutsa sekyula youza sukulu kuti ziziwalandira. Ndondomeko inagonja pamaso pa Malamulo Oyendetsera Dziko, koma bwalo linadziwanso kuti chomwe mphunzitsi wamkulu wa ku Ngabu kapena ku Marka amamvera tsiku ndi tsiku ndi kalata yochokera kwa abwana ake, ndiye linagwiritsa ntchito sekyula yomweyo pokonza zinthu.

Tibwerere kwa azakhali. Usiku umenewo ndinalemba kalata pa tsamba la kope la mdzukulu wawo, wina akundiunikira ndi tochi ya foni. Sindinaike mawu aakulu. Ndinalemba dzina lawo, mudzi wawo, tsiku lomwe dzina linawerengedwa pagulu ndi tsiku lomwe anabwezedwa. Ndinalemba kuti chiphaso chinakokoloka ndi madzi. Ndinatchula zomwe tsamba loyamba la malangizo likunena za okalamba, ndi kuti tsamba lachitatu likufuna chiphaso pofuna kutsimikiza munthu, n'kunena kuti afumu ndi wapampando wa komiti asainira m'munsimu kutsimikiza chimenecho. Kenako ndinapempha zinthu ziwiri zokha: kuti nkhaniyi iganiziridwe ndi yemwe ali ndi mphamvu yogamula, ndipo ngati yankho likhale lokana, zifukwa ziperekedwe molemba monga gawo 43 likunenera. Azakhali anadinda chala. Afumu anadinda chidindo chawo.

Nkhani ya maina asanu ndi limodzi sindinaiike m'kalatayo. Ndinauza wapampando kuti imeneyo ilembedwe padera ndi komiti, chifukwa komitiyo ndiyo inadumphidwa, ndiponso chifukwa kusakaniza pempho ndi kuneneza kumapangitsa wolandira kalata kuyamba kudziteteza m'malo mogamula. Tinakopera makalata onse awiri pamanja, ndipo popereka ndinapempha wolandira kuti alembe tsiku ndi kusaina pa kope lathu. Kachinthu aka anthu amakaiwala, koma popanda iko mawa mudzauzidwa kuti kalata sinafike.

N'chifukwa chiyani kupempha zifukwa molemba kumagwira ntchito? Ndikuyankha ngati munthu yemwe anakhalapo kuseri kwa tebulo. Pakamwa n'kosavuta kunena kuti sekyula yatero. Papepala uyenera kutchula sekyula iti, ya tsiku liti, ndime iti. Ukamaifunafuna ndimeyo umaiwerenga, mwina koyamba, ndipo kawirikawiri umapeza kuti siikunena zomwe wakhala ukuuza anthu, kapena inasinthidwa kale ndi ina yomwe sinafike kuofesi yako. Kuno kuchigwa zimenezi zimachitika, makamaka m'nyengo yomwe misewu yaduka. Ndipo ngati ofesi ikukana kukuonetsani pepala lomwe ikukukanizirani, lamulo lopatsa anthu mwayi wopeza uthenga, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2020, limakulolani kulipempha.

Ndisakunamizeni kuti njira zonse n'zapafupi. Ofesi ikakana kapena ikangokhala chete, pali Bwalo Lalikulu, lomwe gawo 108 limalipatsa mphamvu younika zochita za boma. Koma pempho lotere liyenera kuperekedwa msanga, pasanathe miyezi itatu chigamulo chiperekedwere, limayamba ndi kupempha chilolezo cha bwalo, ndipo kwa ife limatanthauza kukwera chitunda cha ku Chikwawa mpaka ku Blantyre ndi kupeza loya. Ngakhale mutapambana, kawirikawiri bwalo silikupatsani thumba la chimanga. Limafafaniza chigamulo n'kuuza ofesi kuti iganizirenso bwino. Kwa mayi yemwe adzukulu ake akudya nyika za m'dambo, miyezi ya kukhothi ndi yaitali kwambiri. Ofesi ya Ombudzimani ndiyo imafikirika: kudandaula kumeneko n'kwaulere, sikufuna loya, ndipo ntchito yake ndi kufufuza nkhani zenizeni ngati izi, za chisalungamo m'kayendetsedwe ka ntchito za boma. Nayonso imatenga nthawi. N'chifukwa chake ndimalimbikira za kalata yoyamba ija, yopita kwa bwana wa pafupi, thumba lisanabwerere kunkhokwe.

Kalata ya azakhali sinayankhidwe molemba. Patapita masiku asanu ndi anayi bwana wa mnyamata uja anabwera yekha pakampu, anaitanitsa afumu ndi komiti, n'kufunsa kuti omwe anabwezedwa chifukwa cha ziphaso ndi angati. Anapezeka khumi ndi anayi, ambiri a iwo okalamba a kutsidya. Analamula kuti aliyense alandire atatsimikiziridwa ndi mfumu yake ndi anthu awiri a m'komiti, ndipo m'malo mwa nambala ya chiphaso palembedwe kuti chinatayika ndi madzi, iye n'kusaina pambali pa mzere uliwonse kuti ofufuza akadzabwera adzafunse iye. Mnyamata uja ndiye analemba mizereyo, ndipo atafika pa azakhali ananyamula thumba yekha mpaka panjinga ya kabaza.

Azakhali anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Mwananga, kalata ija uisunge, madziwa abweranso." Ndinaisunga. Kalata ya komiti yokhudza maina asanu ndi limodzi aja inalandiridwa tsiku lomwelo ndi yathu, ndipo kope lake lokhala ndi tsiku ndi siginecha lili kwa wapampando mpaka lero. Yankho lake silinabwere, ndipo kampu itatsekedwa anthu a m'komiti anabalalika, ena kubwerera kutsidya, ena kukamanga kumtunda.